Foda imodzi, batani limodzi: kuphunzitsa Excel kukonza yokha masitetimenti a ku banki

Mwezi ukatha, msungichuma wa mpingo, wa kopaletivi kapena wa bizinesi yaying'ono amakhala ndi ntchito imodzimodzi yomwe ija. Amalowa mu akaunti ya ku banki pa intaneti, kukoka sitetimenti ya mweziwo, kuitsegula mu Excel, kufufuta mizere ya pamwamba yomwe ili ndi dzina la akaunti, kukonza madeti, kenaka kukopa zotsalazo n'kukazimata pansi pa za mwezi watha. Ntchitoyi si yovuta, koma imadya madzulo onse, ndipo dzanja likatsetsereka kamodzi kokha, ndalama za m'kaundula zimasiyana ndi za ku banki popanda wodziwa pomwe zinasiyanira.

Mu Excel muli chida chomwe chinapangidwira ntchito yamtunduwu. Dzina lake ndi Power Query. Chinatuluka m'chaka cha 2013 ngati chongowonjezera pa Excel 2010 ndi Excel 2013, ndipo kuyambira pa Excel 2016 chimabwera chili m'kati kale, pa tabu ya Data. Zomwe zafotokozedwa pano ndi za Excel ya pa Windows.

Chofunika kuchimvetsa poyambirira ndi ichi: Power Query sasintha mafayilo anu. Chomwe amasunga ndi mndandanda wa masitepe omwe mwachita pokonza fayilo imodzi. Mukafufuta mizere, amalemba kuti mwafufuta mizere. Mukasintha mtundu wa kolamu, amalembanso. Mndandandawo umaoneka kudzanja lamanja, pansi pa mawu akuti Applied Steps. Tsiku lililonse mukamuuza kuti ayambirenso, amabwerera ku mafayilo oyambirira aja, kuwawerenga onse kuchokera pachiyambi, n'kudutsa m'masitepe onsewo mwa dongosolo lake. Zili ngati chigayo: sefa mumaika kamodzi, ndipo thumba lililonse lomwe labwera limadutsa momwemo. Ubwino ndi vuto zili pamodzi pomwepo, chifukwa sitepe yolakwika nayonso imabwerezedwa mokhulupirika mwezi ndi mwezi.

Chitsanzo choti tiyende nacho

Tiyerekeze msungichuma wa kopaletivi ya alimi yomwe ili ndi akaunti imodzi ya makwacha. Banki imamulola kukoka sitetimenti ngati fayilo ya CSV, yomwe ndi fayilo ya malemba okhaokha, nambala ndi mawu zitalekanitsidwa ndi makoma. Pamwamba pa fayilo iliyonse pali mizere inayi: dzina la akaunti, nambala yake, nyengo ya sitetimenti, ndi mzere wopanda kanthu. Mzere wachisanu ndiwo uli ndi mitu ya makolamu asanu ndi limodzi: Date, Description, Reference, Debit, Credit ndi Balance. Pansi penipeni pali mzere umodzi wa chiwonkhetso. Banki yanu ikhoza kuika mitu ina, koma kamangidwe kake nthawi zambiri sikasiyana kwambiri ndi aka.

Ntchito yoyamba sichitikira mu Excel. Tsegulani foda yatsopano, tinene C:\Banki\Masitetimenti, ndipo muziikamo masitetimenti a akaunti imodzi basi. Buku la Excel lomwe lizilandira zotsatira likhale kunja kwa fodayi. Musatsegulemonso foda ina yosungiramo makope akale, popeza Power Query amalowanso m'mafoda am'kati n'kutenga zomwe wapezamo. Mayina a mafayilo akhale ngati 2025-01.csv, 2025-02.csv, kuti mwezi ukasowa muziona ndi maso.

Pali lamulo limodzi lomwe anthu ambiri amaliphwanya asakudziwa. Fayilo ya ku banki musaitsegule mu Excel n'kuisunganso. Excel amasunga manambala 15 okha oyambirira a nambala yaitali, choncho nambala ya Reference ya manambala 18 imatuluka kumapeto kwake kuli maziro, kapena itasanduka chinthu chonga 2.5E+17. Mukadina Save, nambala yeniyeni ija yapita. Fayilo ichoke ku banki n'kukagwera mu foda momwe ilili.

Kulumikiza foda

Mu buku latsopano, pitani pa Data, kenaka Get Data, From File, From Folder, ndipo sankhani foda ija. Pakubwera mndandanda wa mafayilo ndi mabatani angapo pansi pake. Batani la Combine limakopa, koma dinani kaye Transform Data, kuti muyambe mwatchinga zosafunika. Pa kolamu ya Extension, sinthani malemba akhale ang'onoang'ono ndi Format kenaka lowercase, chifukwa kwa Power Query .csv ndi .CSV ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukatero sankhani Text Filters, Equals, n'kulemba .csv. Tsopano ngakhale wina atayamo chithunzi kapena PDF, sizilowa m'mawerengero. Pa kolamu ya Name musasefe mochonga mayina a mafayilo omwe mukuwafuna, chifukwa sitepe yotero ingathe kusunga mayina a lero okha, n'kusiya kunja fayilo ya mwezi wamawa.

Kenaka dinani kabatani ka mivi iwiri yoloza pansi komwe kali pa mutu wa kolamu ya Content. Power Query atenga fayilo yoyamba ngati chitsanzo, ndipo kumanzere kuoneka zinthu zingapo zomwe wadzipangira yekha. Pa zonsezo, ziwiri ndizo zanu: Transform Sample File, ndi ndondomeko yaikulu yomwe yatenga dzina la foda.

Kusiyana kwa ziwirizi ndiko mtima wa ntchito yonse. Chilichonse chomwe mwachita mu Transform Sample File chimachitika pa fayilo iliyonse payokhapayokha, isanaphatikizidwe ndi inzake. Chomwe mwachita mu ndondomeko yaikulu chimachitika kamodzi, pa mulu wonse. Taganizirani mizere inayi ya pamwamba ija. Mukaifufutira mu ndondomeko yaikulu, ichoka ya Januwale yokha, pomwe ya Febuluwale ndi Malichi itsala pakati pa mulu, yosakanikirana ndi ndalama. Mukaifufutira mu Transform Sample File, ichoka m'mafayilo onse, ndi m'mafayilo omwe sanabwere n'komwe.

Choncho lowani mu Transform Sample File. Mupeza kuti Power Query watenga mzere woyamba, wa dzina la akaunti uja, n'kuuyesa mitu ya makolamu. Fufutani sitepe ya Promoted Headers podina kamtanda kapambali pake. Kenaka Remove Rows, Remove Top Rows, lembani 4. Use First Row as Headers. Ndipo Remove Bottom Rows, lembani 1, kuti mzere wa chiwonkhetso uchoke. Mukabwerera ku ndondomeko yaikulu mukhoza kupeza chikwangwani chachikasu chodandaula kuti kolamu ina sikupezeka. Musadabwe nazo: ndi sitepe ya Changed Type yomwe ikufunafunabe mitu yakale ija. Ifufuteni, mitundu ya makolamu muiika nokha.

Nambala 4 ija ili ndi msampha wake. Tsiku lina banki ikadzawonjezera mzere wachisanu wa dzina la nthambi, fayilo ya mwezi umenewo idzasokonekera. Njira yolimba ndi kuuza Power Query kuti adumphe mizere mpaka atapeza mawu akuti Date. M'malo mwa sitepe ya Remove Top Rows, lembani izi mu bokosi la fomula lomwe lili pamwamba pa tebulo:

```
= Table.Skip(Source, each [Column1] <> "Date")
```

Apa kaya mizere ya pamwamba ikhale inayi kaya isanu ndi iwiri, zotsatira zake ndi zomwezo.

Madeti: cholakwika chomwe sichifuula

Masitetimenti akuno kawirikawiri amayamba ndi tsiku, kenaka mwezi, kenaka chaka. Makompyuta ambiri, komabe, amabwera atakonzedwa mwa chizolowezi cha ku Amereka, komwe mwezi ndiwo umayamba. Mukangosankha mtundu wa Date pa kompyuta yotero, 25/04/2025 itulutsa Error, chifukwa kulibe mwezi wa nambala 25. Imeneyo ndi yabwino, popeza mwaiona. Yoopsa ndi 03/04/2025. Ili ndi tsiku la 3 Epulo, koma liwerengedwa ngati 4 Malichi, mwakachetechete. Tsiku lililonse kuyambira 1 mpaka 12 lingathe kusamukira ku mwezi wina, ndipo lipoti la Epulo lipereweramo ndalama zomwe zabalalikira mu Januwale, Malichi ndi Disembala. Wina akaona ma Error aja n'kuwachotsa ndi Remove Errors, wataya ndalama zonse za kuyambira pa 13 mpaka kumapeto kwa mwezi.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Ngati mu foda muli miyezi inayi yokha koma tebulo likuonetsa madeti a Seputembala ndi Novembala, kapena ngati palibe deti loposa 12, ndiye kuti tsiku ndi mwezi zasinthana malo. Mankhwala ake ndi kudina kumanja pa mutu wa kolamu, Change Type, Using Locale, n'kusankha Date ndi English (United Kingdom). Sitepe yake ikhala ndi "en-GB" kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo kawerengedwe ka deti sikadaliranso kompyuta yomwe bukulo latsegulidwirapo.

Chitani chimodzimodzi pa Debit, Credit ndi Balance, mtundu wake ukhale Decimal Number kapena Currency, kuti 1,250,000.00 iwerengedwe ngati nambala. Reference ikhale Text, ngakhale ikuoneka ngati nambala; palibe yemwe adzaiphatikize ndi inzake, ndipo maziro ake oyambirira ndi ofunika.

Kolamu imodzi ya ndalama

Powerengera, kumakhala kosavuta kukhala ndi kolamu imodzi, zolowa zili nambala wamba, zotuluka zili ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Koma pamzere womwe mlimi wasungitsa ndalama, malo a Debit amakhala opanda kanthu, ndipo Power Query amalembapo null. Null si ziro. Nambala iliyonse mukaichotsera null, yankho limakhalanso null, ndiye kolamu yanu yatsopano ituluka yopanda kanthu pafupifupi yonse. Sankhani makolamu awiriwo, dinani Replace Values, musinthe null akhale 0. Mukatero pitani pa Add Column, Custom Column, muitche Ndalama:

```
= [Credit] - [Debit]
```

Yang'anani kaye mizere ingapo ya zotuluka. Mabanki ena amalemba Debit ili kale ndi kamzere kochotsera, ndipo pamenepo muyenera kuphatikiza, osati kuchotsera.

Kugawa ndalama m'magulu kumatheka ndi Conditional Column. Yambani mwayeretsa Description ndi Trim, yomwe imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, kenaka UPPERCASE. Malamulo ake ndi onga awa: ngati Description ili ndi mawu akuti ESCOM, lemba Magetsi, ngati ili ndi FEE kapena CHARGE, lemba Zodula za banki. Lamulo loyamba kukwanira ndilo limapambana, choncho ikani mawu achindunji pamwamba, mawu ofala pansi. Mawu akuti FEE amapezekanso m'kati mwa COFFEE ndi FEED, ndipo kopaletivi yogula chakudya cha ziweto ingadzapeze matumba ake atalembedwa ngati zodula za banki. Pa bokosi lomaliza la Else lembani Zosadziwika. Mwezi uliwonse, gulu limeneli ndilo mndandanda wanu wa zoti mufufuze.

Mizere yobwereza

Tsopano tifike pomwe msungichuma wathu angapunthwe. Sitetimenti ya Malichi anaikoka kuyambira pa 1 mpaka 31. Ya Epulo, pofulumira, wasankha kuyambira pa 28 Malichi mpaka 30 Epulo. Masiku anayi aja tsopano ali m'mafayilo awiri, ndipo m'masikuwo alimi atatu analipira masheya a K20,000 aliyense. Tebulo lionetsa K60,000 yomwe ku banki kulibe.

Batani la Remove Duplicates lilipo, koma limayang'ana makolamu omwe mwasankha okha, ndipo apa pali njira ziwiri zolakwira. Mukasankha makolamu onse, sachotsa kanthu, chifukwa Power Query anawonjezera kolamu ya Source.Name yosonyeza fayilo yomwe mzere wachokera, ndipo mzere wa mu 2025-03.csv ndi wa mu 2025-04.csv zikusiyana pamenepo. Mukasankha Date ndi Ndalama zokha, achotsa zochuluka: alimi awiri omwe analipira K20,000 tsiku limodzi aoneka ngati munthu mmodzi, ndipo wachiwiriyo adzauzidwa pa msonkhano kuti sanalipire, risiti ali nayo m'thumba.

Sankhani Date, Reference, Ndalama ndi Balance pamodzi. Balance ndiyo imalekanitsa: alimi awiri aja, ngakhale alipire ndalama zofanana motsatizana, ndalama zotsala mu akaunti zimakhala zosiyana pamzere wa aliyense, pomwe mzere wobwereza weniweni umafanana pa zonse zinayi. Kolamu ya Source.Name musaitaye; tsiku la mafunso ndiyo idzakulozereni fayilo yoti mutsegule.

Mukamaliza, dinani Close & Load To, musankhe Table. Tebulo lobiriwira litulukira mu Excel, ndipo pamwamba pake mungamange PivotTable ya miyezi ndi magulu.

Zimachitika zokha mpaka pati

Mwezi wa Meyi ukatha, ntchito ndi iyi: kokani fayilo, iponyeni mu foda, tsegulani buku, dinani Refresh All pa tabu ya Data. Kuti ndi batanilo lomwe musamalidine, pitani pa Queries & Connections, dinani kumanja pa ndondomeko yanu, Properties, n'kuchonga Refresh data when opening the file. Pomwepo pali bokosi lina la Refresh every, loti izibwereza pakapita mphindi zomwe mwaika.

Koma dziwani malire ake. Excel sakhala akulondera foda. Fayilo ikagweramo buku lili chitsekere, palibe chomwe chichitike mpaka wina atalitsegula. Kukoka sitetimenti ku banki kumakhalabe ntchito ya munthu. Ndipo ngati Excel waonetsa chenjezo lachikasu pamwamba, sayamba kanthu mpaka mutadina Enable Content. Mukaona kuti tebulo lasintha koma PivotTable ikuonetsa za mwezi watha, n'chifukwa chakuti inafulumira kuwerenga tebulo lisanathe kudzaza. Chotsani chongi pa Enable background refresh mu Properties momwemo.

Chinthu china choti mupewe ndi kulemba ndemanga zanu pamanja mu kolamu yoyandikana ndi tebulolo. Ndemangazo sizimamatira ku mzere wa ndalama. Mizere yatsopano ikalowa kapena dongosolo lake likasintha, mawu akuti "ngongole ya feteleza" angakakhale pambali pa bilu ya madzi. Ndemanga zisungeni mu tebulo lina, lokhala ndi Reference ndi ndemangayo, ndipo muzilumikize ndi Merge Queries.

Banki ikasintha kalembedwe

Masitepe amadziwa makolamu ndi mayina awo, chilembo ndi chilembo. Banki ikasintha Description kukhala Narrative, mizere ya fayilo yatsopanoyo ingatuluke malo a Description ali null, kapena ndondomeko ingaime ndi uthenga wonga uwu:

```
Expression.Error: The column 'Description' of the table wasn't found.
```

Tsegulani ndondomeko, muzidina masitepe amodziamodzi kuchokera pamwamba. Yoyamba kuonetsa vuto ndiyo yoti mukonze. Kusintha kwina sikupereka uthenga ngakhale umodzi. Mu sitepe ya Source ya Transform Sample File muli mawu onga Columns=6. Banki ikawonjezera kolamu yachisanu ndi chiwiri, yomalizayo imangodulidwa. Ngati yatsopanoyo yalowa pakati, yodulidwayo ndi Balance, yomwe mumadalira polekanitsa mizere yobwereza. Buku likasamukira pa kompyuta ina komwe foda ili pamalo ena, likonzeni pa Data Source Settings, Change Source. Ndipo kumbukirani kuti bukulo limanyamula mizere yonse ya akaunti m'kati mwake, mayina a olipira omwe, ngakhale foda itatsala kwanu. Kwa a komiti tumizani lipoti, osati buku lonse.

Chiyeso chosadumphika

Popeza zolakwika zoopsa ndi zosafuulazo, pamafunika muyeso wochokera kunja kwa masitepe. Muyesowo banki inakupatsani kale. Tengani ndalama zomwe zinali mu akaunti tsiku loyamba la fayilo yoyamba, phatikizani kolamu yonse ya Ndalama, ndipo yankho lifanane ndi Balance yomaliza pa sitetimenti yatsopano. Ngati tebulo mwalitcha Banki, ndalama zoyambira zili mu B1 ndipo zomaliza mwazilemba mu B2 pochita kuwerenga pa sitetimenti, fomula ndi iyi:

```
=ROUND(B1+SUM(Banki[Ndalama])-B2,2)
```

Kwa msungichuma wathu, akaunti inayamba ndi K1,250,000, zolowa zonse ndi K980,000, zotuluka ndi K715,500, choncho zotsala ziyenera kukhala K1,514,500, ndipo fomula ipereke 0. Ikapereka 60,000, ndi masiku anayi obwereza aja. Ikapereka -20,000, Remove Duplicates wameza mlimi weniweni. Kusiyana kukakhala kwakukulu ngati ndalama za mwezi wathunthu, yang'anani mu foda: mwina fayilo yasowa, mwina mzere wa chiwonkhetso walowa m'mawerengero. Kusiyana kukafanana ndi ndalama ina kuwirikiza kawiri, mzere wina wotuluka wawerengedwa ngati wolowa.

Muyesowu sugwira madeti osinthana, chifukwa ndalama ikasamukira ku mwezi wina chiwonkhetso chimakhala chomwecho. Pa chifukwa chimenechi yesaninso mwezi watsopanowo pawokha: zolowa ndi zotuluka za Meyi mu PivotTable zifanane ndi chiwonkhetso chomwe banki yalemba pansi pa sitetimenti ya Meyi. Ziwirizi zikagwirizana, ndipo gulu la Zosadziwika mwalidutsamo mzere ndi mzere, lipoti lingathe kupita ku komiti.